Injini ya Dizilo Kapena Pampu ya Sola: Kodi Yotsika Mtengo ndi Iti?

Anzanga nonse mukumbukira mmene tinavutikira teremu yapitayi pamene injini yathu yakale yopopera madzi inafa. Anyamata ndi atsikana tinali kudzuka mbandakucha, zidebe m'manja, kukaima pa mzere pa mjigo wa m'mudzi, ndipo ambiri a ife tinali kulowa m'kalasi phunziro loyamba litayamba kale. Tsono komiti ya makolo ndi aphunzitsi inakhala pansi kuti igule chopopera china. Panali njira ziwiri: kugula injini ina ya dizilo, kapena kuika pampu yoyendera dzuwa, imene tonse timaitcha ya sola. Ine ndinakhala nawo pa msonkhanowo poimira ophunzira, ndipo ndinaona akulu atatu anzeru akupeza mayankho atatu pa funso limodzi. Pambuyo pake aphunzitsi athu a masamu anandithandiza kubwereza masamu onsewo, ndipo ndifuna kuwalongosola pano, pakuti funso lotere lidzafika kwa yense wa ife tsiku lina, kaya pa ntchito kaya pakhomo. Manambala ndawasalaza kuti asavute kuwerenga, koma njira yake ndi yomweyo.

Chinthu chongodya ndalama

Tiyambe ndi kuzindikira mtundu wa funsoli. Munthu akafuna kutsegula golosale amayerekeza ndalama zolowa ndi zotuluka, nayang'ana phindu. Koma madzi a pasukulu sagulitsidwa. Chopopera chilichonse chimene tingagule chidzangodya ndalama, osabweza ngakhale tambala. Ndiponso sitingathe kunena kuti tileke zonse ziwiri, popeza sukulu yogonera konko singakhale yopanda madzi. Motero funso silili lakuti ndi iti imene idzatipindulitse, koma lakuti ndi iti imene idzatidyere zochepa.

Pali lamulo limodzi loyenera kulisunga tisanagwire pensulo. Njira ziwirizo ziyenera kugwira ntchito yofanana. Ngati injini idzaza thanki lathu tsiku ndi tsiku, pampu ya sola nayo iyenera kukhala ya msinkhu woti nkudzaza thanki lomwelo. Ntchito ikafanana, ubwino wa madziwo uli chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, ndipo tingauike pambali ndi kuyang'ana zolipira zokha. Koma pampu ina ikakhala yopereka theka la madzi, kuyerekeza mitengo yake kuli ngati kufunsa kuti chotsika mtengo nchiti pakati pa thumba la chimanga ndi ndowa ya chimanga.

Nazi tsono njira ziwiri zija. Injini ya dizilo igulidwa pa K2,000,000. Chaka chilichonse idya K1,500,000 pa dizilo, oyilo ndi mmisiri woikonza, ndipo ikagwira ntchito zaka 5 imakhala yatha. Pampu ya sola, pamodzi ndi mapanelo ake ndi kuiika, ifuna K8,000,000. Chaka chilichonse idya K200,000 yokha pa kutsuka mapanelo ndi kukonza tizinthu tating'ono. Ina njotsika pogula koma njolusa pakudya. Inzake njowawa pogula koma ikatero imakhala chete.

Yankho loyamba: kungophatikiza

Woyamba kuyankha anali bambo wina wa m'komiti amene ali ndi sitolo pa msika. Iwo anati nkhaniyi njapafupi, tingophatikiza zonse za zaka 5. Injini: K2,000,000 kuphatikiza K1,500,000 kasanu, zikwana K9,500,000. Sola: K8,000,000 kuphatikiza K200,000 kasanu, zikwana K9,000,000. Motero sola ipambana ndi K500,000. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo inenso ndinaganiza kuti tamaliza.

Koma amayi amene amasunga chuma cha komiti anakana. Iwo anati, "Bambo, mwaphatikiza ndalama ya lero ndi ndalama ya zaka zisanu zikudzazo ngati kuti nzofanana. Kodi inu munthu atabwera kusitolo kwanu natenga katundu lero, nkunena kuti adzalipira mtengo womwewo patapita zaka zisanu, mungalole?" Bambo aja anaseka nati sangalole ngakhale ali mlamu wawo. Apa ndipo pagona nkhani yonse.

Chifukwa chake ndalama ya lero iposa ya mawa

Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma pa ndalama pali chifukwa china choposa kuopa mphepo. Ndalama imene ili m'manja lero ingathe kugwira ntchito. Ingaikidwe kubanki nibereka chiwongoladzanja, kapena ingabweze ngongole imene ikanapitirira kukula. Ili ngati mbewu: chitini cha mtedza chimene muli nacho mvula isanagwe chiposa chitini chimene mudzalandire pokolola, pakuti choyambacho mungachibzale.

Tiyese kuti ndalama ibereka K10 pa K100 iliyonse pa chaka. Mukaika K100 lero, chaka chikatha muli ndi K110. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja chiwerengedwa pa K110, ndipo mukhala ndi K121. Awa ndi masamu a chiwongoladzanja chobereka chinzake amene timaphunzira m'kalasi. Chimene tichita pano ndi kungowayendetsa chobwerera m'mbuyo. Ngati ndiyenera kulipira K110 chaka chamawa, ndifunika kupatula K100 yokha lero, ndipo idzakula yokha kufikira pa K110. Ngati ndiyenera kulipira K121 patapita zaka ziwiri, K100 yomweyo ikwanira. Ndalama imene ndiyenera kupatula lero kuti idzakwanire ngongole ya m'tsogolo ndiyo tiitcha mtengo wa lero wa ngongoleyo.

M'mabuku a masamu lamuloli limalembedwa motere:

PV = C ÷ (1 + r)^n

Apa PV ndi mtengo wa lero, C ndi ndalama yodzalipidwa, r ndi chiwongoladzanja cha pa chaka, ndipo n ndi chiwerengero cha zaka zodikira. Pa chiwongoladzanja chathu r ndi 0.10, kotero chaka chilichonse chodikira tigawa ndi 1.1. Kwacha imodzi yodzalipidwa patapita chaka ili ndi mtengo wa lero wa 0.909. Ya zaka ziwiri ndi 0.826, ya zaka zitatu 0.751, ya zaka zinayi 0.683, ndipo ya zaka zisanu 0.621. Yense amene ali ndi kalikuleta angazipeze yekha: alembe 1, agawe ndi 1.1, agawenso ndi 1.1, ndi kumangotero. Taonani kuti manambalawa amka nachepa. Ngongole ikatalikira imapepuka, osati chifukwa tidzaiwala kuilipira, koma chifukwa ndalama yoipatulira ili ndi nthawi yaitali yoberekera.

Yankho lachiwiri: zonse pa mtengo wa lero

Amayi aja anatenga choko nalemba pa bolodi. K2,000,000 yogulira injini ituluka lero, choncho ikhala momwemo osachepetsedwa. Ndalama za pa chaka anaziyesa ngati zolipidwa pakutha pa chaka chilichonse, monga mwa chizolowezi cha masamu amenewa, ndipo anachulukitsa K1,500,000 ndi nambala ya chaka chake:

Chaka choyamba: K1,363,500
Chaka chachiwiri: K1,239,000
Chaka chachitatu: K1,126,500
Chaka chachinayi: K1,024,500
Chaka chachisanu: K931,500

Zonsezi pamodzi zikwana K5,685,000. Tikaonjeza mtengo wogulira, injini ya dizilo ili pa K7,685,000. Tanthauzo la nambala imeneyi nali: sukulu itakhala ndi K7,685,000 lero, nigula injini, niika yotsalayo pobereka K10 pa K100, ingathe kumatapapo K1,500,000 chaka ndi chaka, ndipo ndalamayo ingathe ndendende pakutha pa chaka chachisanu.

Pali njira yachidule. Popeza ndalama ya pa chaka ndi imodzimodzi zaka zonse, tingaphatikize manambala asanu aja poyamba, ndipo akwana 3.79. Tikachulukitsa K1,500,000 ndi 3.79 tipeza K5,685,000 yomwe ija. Tichite chimodzimodzi ndi sola: K200,000 kuchulukitsa ndi 3.79 ndi K758,000, ndipo tikaonjeza K8,000,000 yogulira tipeza K8,758,000.

Zinthu zatembenuka! Tsopano injini ya dizilo ndiyo yotsika, ndi K1,073,000. Chachititsa nchiyani? Pafupifupi ndalama zonse za sola zituluka tsiku loyamba, pamene kwacha ili yolemera kwambiri. Zambiri za injini zituluka pang'onopang'ono m'tsogolo, pamene kwacha iliyonse yapepuka. Kungophatikiza kunabisa zimenezi. Bambo a sitolo anayang'ana pa bolodi nthawi ndithu, navomera kuti anafulumira.

Yankho lachitatu: zaka zikhale zofanana

Tinali pafupi kugwirizana za injini pamene aphunzitsi a masamu anaimirira. Iwo anati masamu a amayi alibe cholakwa, koma aimira panjira. "Pakutha pa chaka chachisanu injini idzakhala chitsulo chongogulitsa kwa osula mbaula," anatero. "Nanga sola idzakhala itatha? Ndipo kodi chaka chachisanu ndi chimodzi ana adzaleka kumwa madzi?"

Zoonadi, mapanelo a sola amakhala zaka zambiri, kupitirira 20 akasamalidwa, ngakhale kuti pampu yeniyeniyo ndi kabokosi koyendetsa magetsi ake zimatha msanga. Komiti, posafuna kudzinyenga, inaika moyo wa sola yonse pa zaka 10, niwerengeranso K1,000,000 yodzasinthira ziwiya zotha pakutha pa chaka chachisanu. Tsono kuyerekeza zaka 5 zokha kunali kulipiritsa sola mtengo wa zaka 10 koma kuiwerengera ntchito ya theka la nthawiyo. Lamulo lija la ntchito yofanana likhudzanso nthawi: njira zonse ziwiri ziyenera kutipatsa madzi kwa zaka zofanana. Zaka 10 za sola imodzi tiziyerekeze ndi zaka 10 za injini ziwiri, ina pambuyo pa inzake.

Masamu ake savuta. Injini yachiwiri idzabwereza zonse za yoyamba, kungoti nkhani yake idzayamba patapita zaka 5. Munthu woima pa tsiku limenelo adzaona kutsogolo kwake K7,685,000, monga ife tikuonera lero. Kuti tiibweretse pa tsiku la lero tiichulukitsa ndi 0.621, ndipo tipeza pafupifupi K4,772,000. Tikaphatikiza ndi K7,685,000 ya injini yoyamba, dizilo wa zaka 10 ali pa K12,457,000.

Ku mbali ya sola, munthu woima pa tsiku lomwelo adzaona K1,000,000 ya ziwiya ndi K758,000 ya zaka zisanu zotsatira, pamodzi K1,758,000. Tikaichulukitsa ndi 0.621 tipeza pafupifupi K1,092,000. Tikaonjeza pa K8,758,000 ija, sola ya zaka 10 ili pa K9,850,000.

Zatembenukanso. Sola ndiyo yotsika, ndipo kusiyana kwake kupitirira K2,600,000. Wina angaseke nati, "Ha! si ndiye bambo a sitolo ananena zoona poyamba paja?" Iai, anangolasa mwamwayi. Iwo analakwa kawiri, posachepetsa ndalama za m'tsogolo ndi poimira pa zaka 5, ndipo zolakwa ziwirizo zinakokera mbali zosiyana. Tsiku lina, pa manambala ena, zikanawagwetsera m'dzenje.

Msampha wa kukwera kwa mitengo

Pali funso limene ndinafunsa aphunzitsi titatuluka, ndipo ndidziwa kuti ambiri a inu muli nalo. K10 pa K100 yachokera kuti? Nanga bwanji tayesa kuti dizilo adzakhala pa mtengo umodzi zaka 10, pamene tonse tiona mitengo ikukwera? Tikumbukira kuti m'mwezi wa Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo pambuyo pake.

Aphunzitsi anati mafunso awiriwa ali ndi yankho limodzi. Chiwongoladzanja chimene banki imatchula chili ndi zigawo ziwiri. Chigawo china chimangobwezera mphamvu imene ndalama yataya chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Chotsalacho ndicho kubereka kwenikweni. Tiyese kuti chiwongoladzanja chotchulidwa ndi K32 pa K100, ndipo mitengo ikwera ndi K20 pa K100 pa chaka. K100 yanu isanduka K132, koma katundu wa K100 tsopano ali pa K120. Gawani 132 ndi 120, mupeza 1.10. Kunena kwina, mwalemera ndi K10 yokha pa K100. Imeneyo ndiyo nambala ya mtundu umene tinagwiritsa ntchito.

Motero pali njira ziwiri zolondola. Yoyamba ndi kulemba zolipira zonse pa mitengo ya lero, osaikweza, ndi kuzichepetsa ndi chiwongoladzanja chenicheni chotsala chija. Ndi mmene tachitira muno. Yachiwiri ndi kukweza zolipira chaka ndi chaka monga mitengo idzakwerere, ndi kuzichepetsa ndi chiwongoladzanja chonse chotchulidwa. Zikachitidwa bwino, ziwirizi zipereka yankho limodzi. Cholakwa ndi kusakaniza: kusiya dizilo pa mtengo wa lero koma kumchepetsa ndi 32 yense. Ndinayesa dala kuchita cholakwachi kuti ndione. Injini inatsikira pa K6,895,000, sola inakhala pa K8,836,000, ndipo injini inaoneka ngati yapambana kutali. Yankho lotere nlabodza, chifukwa lachotsa kukwera kwa mitengo kumene silinakuikepo poyamba. Chizindikiro chake nchosavuta kuchiona. Mukapeza pepala limene ndalama ya pa chaka ili yosasintha kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma chiwongoladzanja chake nchachikulu chonga cha ngongole ya kubanki, dziwani kuti msampha wagwira munthu. Ndipo nthawi zonse cholakwachi chimakondera chinthu chotsika pogula ndi chodula posunga.

Chenjezo lina nlakuti njira yoyamba iyesa kuti zinthu zonse zikwera mofanana. Ngati dizilo akwera kuposa katundu wina, ndiye kuti K1,500,000 ija tiyenera kuikweza ndi kusiyanako. Pa nkhani yathu zimenezi zikanangoonjezera kulemera kwa injini, osasintha wopambana.

Kuyesa ngati yankho nlolimba

Palibe munthu angalumbire kuti 10 ndiyo nambala yeniyeni. Sukulu imene ili ndi ndalama zongokhala iyenera kutenga chimene ndalamazo zikanabereka kwina. Imene ikongola iyenera kutenga chimene ngongoleyo idzaidyera. Nchifukwa chake munthu wosamala amabwereza masamu ndi manambala ena, kuti aone pamene yankho litembenukira.

Njira yapafupi ndi kuyang'ana kusiyana kokha. Posankha sola tilipira K6,000,000 yoonjezera lero. Pobwezera pake tipulumutsa K1,300,000 chaka chilichonse kwa zaka 10, ndi K1,000,000 pa chaka chachisanu, popeza ziwiya za sola nzotsika kuposa injini yatsopano. Funso ndi lakuti mtengo wa lero wa zopulumutsidwazo uposa K6,000,000 kapena ai. Ndinayesa ndi 15, ndi 18, ndipo unaposabe. Pa 19 unangoposa pang'ono, ndipo pa 20 unachepera. Tsono sola ipambana malinga kubereka kwenikweni kwa ndalama kusapitirire K19 pa K100, mitengo itachotsedwa kale. Popeza 10 ali kutali ndi malire amenewo, komiti sinafunike kukangana ngati nambala yoyenera ndi 8 kapena 12. Koma malirewo akanakhala pa 11, tikanati njira ziwirizo nzofanana, ndipo tikanasankha poyang'ana zifukwa zina.

Zoyenera kulowa ndi zosayenera

Panali mayi wina amene anadandaula kuti chaka chatha sukulu inaononga ndalama zambiri pokonzetsa injini yakale ndi kumanga kanyumba kake, ndipo kusamukira ku sola kuli ngati kutaya ndalamazo. Chisoni chawo chinali chomveka, koma ndalama imene inatuluka kale sibwerera, kaya tisankhe iti. Madzi akatayika saoleka. Chotero zakale sizilowa m'masamu amenewa; timawerenga zokhazo zimene chisankho chathu chingasinthe.

Zolipira zofanana mbali zonse ziwiri, monga kukonza thanki ndi mapaipi, tingazisiye, popeza sizisintha kusiyana. Koma cholipira chimene chibwera ndi njira imodzi yokha chiyenera kulowa, ngakhale chibisale. Mapanelo amakopa akuba, ndipo ngati pafunika mpanda kapena mlonda wina chifukwa cha iwo, ndalama imeneyo ilembedwe pa sola. Ulendo wokagula dizilo ulembedwe pa injini. Ndipo ngati pakutha pa zaka 10 chinthu chingagulitsidwe, ndalama yolowayo ichepetsedwe kufika pa mtengo wa lero, nichotsedwe pa zolipira. Ife tinayesa kuti mapanelo adzakhala opanda mtengo, ngakhale adzakhala akugwirabe ntchito. Tinatero dala, kuti ngati talakwa tilakwire mbali yopondereza sola, ndipo inapambanabe.

Zimene masamu sanena

Nambala yotsika siithetsa nkhani yonse. Choyamba, masamuwa ayesa kuti K8,000,000 ingapezeke. Thumba la komiti likakhala ndi K3,000,000 yokha ndipo palibe wokongoza, sola ikhala yotsika pa pepala pokha. Zotere zimachitikira mabanja ambiri: amagula chotsika lero podziwa kuti chidzawadyera zambiri, chifukwa m'manja mulibe. Komabe masamu athandiza, pakuti aonetsa kukula kwa chimene titaya, ndiponso malire a chiwongoladzanja chimene tingalole pokongola.

Chachiwiri, ntchito yofanana ija siifanana kotheratu. Pampu ya sola imafooka kukachita mitambo masiku otsatizana, ndipo usiku siipopa, kotero thanki liyenera kukhala lalikulu mokwanira. Injini nayo imaima dizilo akasowa, monga anasowera m'dziko muno mu 2011 ndi 2012 pamene magalimoto anali kugona pa mizere. Zimene zingasandulike ndalama, monga thanki lachiwiri, tizilowetse m'masamu. Zimene sizingatheke tizilembe pambali ndi mawu, kuti osankha aziyeze ndi nzeru zawo, akudziwa kuti kusiya yotsika kudzawadyera zingati.

Pomaliza komiti inasankha sola, nigwirizana kuti iyambe yafunsa mtengo wa mpanda, ndi kuona ngati ndalama yotsala ingapezeke pa ngongole yosapitirira malire aja. Kwa inu anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndisiya ntchito iyi. Yesani kuti sola ifuna mlonda wolandira K300,000 pa chaka kwa zaka 10 zonse. Pezani mtengo wa lero wa malipiro akewo, muuonjeze pa K9,850,000, ndipo muone ngati injini ipambana. Mukatero funani malipiro a pa chaka amene angafananitse njira ziwirizo. Mayankho muwapereke kwa akonzi a magazini ino teremu isanathe.

*Wophunzira wa Fomu 4*